Za ngongole ya bokosi la agogo

Azakhali, Ngabu: Abale, wotolera ngongole uja wabweranso. Akuti pa K420,000 ya bokosi la agogo tinangopereka K200,000, ndiye Lachisanu adzatenga mbuzi.

Malume, Nchalo: Achemwali, musamupatse ngakhale K5,000 yomuziziritsa mtima, ndipo musasayine pepala lililonse, chifukwa zidzaoneka ngati mwavomera ngongoleyo. Mbuzi sangazigwire. Olanda katundu ndi masherifu, atanyamula chikalata cha khoti. Abweretse kalata ya mwini shopu yosonyeza kuti wamutuma, ndi ndalama zimene akuti zatsala.

Alamu, Bangula: Tinalipira katatu. K200,000 pamanja tsiku la maliro, K150,000 pafoni, K70,000 kudzera kwa ejenti. Zapafoni ziwirizo zikukwana K220,000 ndendende, yomwe akufunayo. Ndiye kuti sizinalowe m'buku la kushopu.

Azakhali, Ngabu: Lisiti la K200,000 ndili nalo koma lafufutika.

Alamu, Bangula: Ndi aja otuluka m'kamakina? Amenewo sapirira kutentha kwathu kuno. Lijambuleni lero pamthunzi, zilembo zisanatheretu. Komabe imeneyo sakuikana.

Achimwene, Chikwawa: K150,000 ija njosavuta. Uthenga wotsimikiza umaonetsa tsiku, nthawi, ndalama, wolandira ndi nambala yapaderadera ya malipirowo. Ngati unafufutidwa, mwini simu apite yekha ku ofesi ya kampani ya foni ndi chiphaso cha unzika, akapemphe sitetimenti ya mwezi umenewo. Sapatsa munthu wina.

Povuta ndi pa K70,000. Ejenti ndi amene anaika ndalamazo pa nambala ya wolandira, choncho dzina lathu silioneka paliponse. Tipite kwa ejentiyo ndi tsiku lenileni, ayang'ane m'kaundula wake kapena m'foni yake, tijambule mzerewo.

Malume, Nchalo: Koma funso langa ndi ili: nambala yolandirayo inali ya mwini shopu kapena ya mnyamata wogulitsa? Ngati ndi ya mnyamata, sitetimenti ingosonyeza kuti ndalama zinafika kwa iyeyo. Mwini shopu akhoza kunena kuti sanazione. Pamenepo tifunika umboni woti nambalayo anatipatsa ndi a shopu eniake.

Alamu, Bangula: Inalembedwa pamanja kuseri kwa lisiti lomwelo.

Malume, Nchalo: Eya! Achemwali, jambulani mbali zonse ziwiri, ndipo lenilenilo lisachoke m'manja mwanu. Kushopu tikasiya mafotokope okha.

Achimwene, Chikwawa: Lachitatu tikumane kwa mwini shopu, osati kwa wotolerayo. Tikayerekeze masiku athu ndi buku lawo, kenako atilembere kuti ngongole yatha, pakhale tsiku, ndalama zonse, siginecha ndi chidindo. Akakana, timusiyire kalata yathu yotsutsa, asayine pa kope yathu kuti walandira. Akafuna kukhoti tikayankha komweko, koma samani ikabwera tisainyalanyaze, chifukwa khoti limatha kugamula ife kulibe.

Azakhali, Ngabu: Nanga akabwera mawa?

Malume, Nchalo: Muitane anyakwawa akhale mboni, ndipo mundiimbire. Alamu, kwa ejenti mupite ndinu, mukumudziwa.