Thandizeni pa phunziro la girafu ya zithunzi

Aphunzitsi anzanga, ndikukonza phunziro la girafu ya zithunzi. Ana adzawerenga mapensulo 12, marula 8 ndi zofufutira 5, kenako adzajambula pabolodi, chithunzi chimodzi kuimira chinthu chimodzi. Pamenepo palibe vuto.

Pandivuta ndi posinthira ku sikelo yoti chithunzi chimodzi chiimire zinthu 2. Mapensulo akhala zithunzi 6, marula 4, koma zofufutira zikufuna zithunzi ziwiri ndi theka. Ndikuopa kuti ana adzawerenga thekalo ngati chofufutira choduka pakati, osati chimodzi chathunthu. Kodi ndiyambe ndamangitsa zinthuzo ziwiriziwiri ndi mphira kuti chotsalacho achione ndi maso, kapena theka lidikire tsiku lina? Inu mumatani?