Ndimuwongolere bwanji kochi wa ana amene sanachitepo maphunziro a ukochi?

Wofunsa, ku Kasinje, Ntcheu: Akuluakulu, komiti ya sukulu yandipempha kuti ndiwongolere kwa miyezi itatu mnyamata wina amene amaphunzitsa mpira ana a zaka 10 mpaka 12 mongodzipereka. Anawo alipo 30, mipira ndi iwiri, ndipo amakumana Lachiwiri ndi Lachisanu akaweruka. Khama ali nalo, koma amayamba ndi kuwathamangitsa kuzungulira bwalo, kenaka amawaimika pamzere umodzi kuti azimenya kugolo mmodzimmodzi, moti ambiri amangoima n'kumakankhana. Ndiyambire pati kuti asaone ngati ndabwera kudzamulanda timu?

Mphunzitsi wa zamasewera, ku Dedza boma: Bambo, masabata awiri oyamba musakonze chilichonse. Khalani pambali, musankhe mwana mmodzi, muwerenge kuti wagunda mpira kangati pa mphindi 20, ndipo ana akapita mumuonetse kochiyo nambalayo ndi kumufunsa maganizo ake. Pamzere wa ana 30, ngati aliyense amatenga theka la mphindi, mwana amadikira mphindi 15 kuti amenye kamodzi, ndipo kochiyo akadziwerengera yekha zimenezi sadzafunika kumukakamiza.

Mwezi woyamba mulimbane ndi mzerewo basi. Dulani bwalo likhale timabwalo titatu, kalikonse masitepe 30 m'litali ndi 20 m'lifupi, zigoli zikhale nsapato kapena mabotolo, ana azisewera asanu asanu, ndipo mpira wachitatu ukhale wa chikulunga umene uzisinthasintha timabwalo kuti pasakhale odandaula. Mwezi wachiwiri muzigawana tsiku, inu mutsogolere gawo loyamba, iye lachiwiri. Wachitatu azilemba yekha pakapepala chimene akufuna kuphunzitsa tsikulo, inu muzingoonerera kamodzi pa sabata. Mukaona ana ayamba kukhala pansi iye akulankhula, dziwani kuti akutalikitsa mawu, koma zimenezo muzimuuza muli awiri.

Mkulu wina wa ku Lizulu: Ine ndikuona kuti kuthamangako musakuchotse, chifukwa mwana wopanda mpweya samaliza masewero. Komanso mumutumize ku maphunziro a FAM akatenge laisensi yoyambira ukochi ya CAF D, nkhani ithere pomwepo.

Mphunzitsi wa zamasewera: Za FAM ndikugwirizana nanu achikulire, afunse ku komiti ya mpira ya boma la Ntcheu za nthawi ndi malipiro ake, koma podikirapo ana akumanabe Lachiwiri likudzali. Ponena za mpweya, mwana wa zaka 11 amathamanga kwambiri polimbirana mpira pakabwalo kakang'ono, ndipo amatero osanyinyirika.

Mayi wa ku Tsangano: Mwana wanga anasiya mpira chifukwa ankabwera kunyumba kutada m'mwezi wa Juni, kuzizira kuli koopsa. Mugwirizane ola lowerukira, ndipo kochiyo asamatsale yekha ndi mwana mmodzi.

Wofunsa: Zikomo nonse. Chimene chikundivutabe ndi makolo, amene amafuna kuona ana 11 mbali iliyonse pabwalo lonse, ndipo timu ikagonja Loweruka adzati timabwaloti ndi masanje. Kodi ndiwaitane ndisanayambe, kapena ndidikire aone okha?