Zithunzi 63 za masilaidi: ndizisandutsa bwanji kukhala manotsi amodzi?

Wofunsa:
Anzanga pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Aphunzitsi athu amaphunzitsa ndi pulojekita, ife timangojambula masilaidi ndi foni. Mutu wa magazi anauphunzitsa masiku atatu, ndipo pano ndili ndi zithunzi 63. Zithunzi 43 ndinajambula ndekha, 20 ananditumizira mnzanga pa WhatsApp poti tsiku lachiwiri sindinalowe m'kalasi. Mayeso atsala milungu iwiri.

Ndikufuna ndikhale ndi chinthu chimodzi chowerenga, choti mitu ili pamwamba, mfundo zikuluzikulu pansi pa mitu, timfundo tofotokozera pansi pa mfundozo. Dzulo usiku ndinayamba kukopera m'kope chithunzi chimodzichimodzi. Pofika pa cha 19 ndinali nditadzaza masamba asanu ndi awiri, koma powerenga ndinaona kuti palibe chasintha, ndangosamutsa chisokonezo kuchoka m'foni kupita m'kope. Nkhani ya maselo ofiira ikupezeka malo anayi osiyana. Inu mumachita bwanji?

Wa chaka chachitatu:
Achimwene, mukudzizunza. Tsegulani chithunzi ndi Google Lens, sankhani mawu onse, koperani, matani mu Google Docs. Zithunzi 63 ndi ntchito ya ola limodzi. Kulemba pamanja n'kwakale.

Membala watsopano:
Pali timapulogalamu tambiri tophatikiza zithunzi kukhala PDF imodzi. Ine zanga zonse ndinachita choncho.

Wofunsa:
Zikomo asisi, koma PDF ndili nayo kale. Zithunzi zake ndi zomwezo 63, zangomangidwa mtolo. Vuto langa ndi kusanja mfundo.

Mphunzitsi wopuma:
Mwanawe, kope lija lisiye kaye, ndipo za Lens zidikire. Wayambira kumapeto. Munthu sukopera usanadziwe komwe chokoperacho chikakhale.

Choyamba, bweza zithunzi m'ndondomeko yomwe zinaonetsedwa, uzipatse manambala. Zojambula wekha sizivuta chifukwa foni imasunga tsiku ndi nthawi. Za pa WhatsApp chenjera nazo: nthawi yomwe ili pa izo ndi yomwe unazilandira, osati yomwe zinajambulidwa. Yang'ana pakona pa silaidi ngati pali nambala ya tsamba, ndiyo ikuuze ndondomeko yeniyeni, ndipo ndi yomwenso ikuuze ngati pali silaidi yosowa.

Kenako taya zobwereza. Aphunzitsi ambiri amatulutsa mzere umodziumodzi pa silaidi imodzi yomweyo, ophunzira n'kujambula katatu: koyamba pali mizere iwiri, kachiwiri inayi, kachitatu yonse. Sunga chomaliza chokha. Tayanso ya "zikomo pomvetsera" ndi ya dzina la phunziro. Koma pali imodzi yomwe anthu amaitaya pomwe ndiyo yofunika kuposa zonse, ya zolinga za phunziro kapena zomwe tiphunzire lero. Imeneyo ndi mafupa a phunziro lonse, aphunzitsi anakulembera kale.

Ukatero tenga pepala limodzi, ulembe nambala ya chithunzi ndi mutu wa silaidi basi, osawonjezera kanthu. Ukamaliza ubwere nalo kuno.

Wa unamwino:
Za WhatsApp zo n'zoona. Ine chaka chatha ananditumizira zithunzi za kuundana kwa magazi zitasokonekera, ine n'kuloweza masitepe chotembenuza. Ndinazindikira tili kale pokambirana m'gulu, anzanga akundiseka. Komanso zimabwera zitafinyidwa, timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa zojambula sitiwerengeka. Muuzeni mnzanuyo atumizenso posankha Document, zimabwera mmene zinajambulidwira.

Wofunsa:
Aphunzitsi, ndachita. Zatsala 44. Silaidi nambala 27 palibe amene anaijambula, ndasiya mpata. Mitu yake ndi monga iyi: 5 zomwe zili m'magazi, 6 pulazima, 9 maselo ofiira, 10 maselo ofiira kupitiriza, 11 himogulobini, 17 kuchepa kwa magazi, 22 maselo oyera, 31 mapulateleti, 38 kupangidwa kwa maselo, 41 moyo wa selo lofiira. Ndiye iyi ndiyo mitu ya manotsi anga? Ikukwana 44 tu.

Mphunzitsi wopuma:
Ayi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwera. Mutu wa silaidi si mutu wa manotsi. Silaidi imatha pomwe malo pa sikirini athera, osati pomwe ganizo lathera. N'chifukwa chake uli ndi "kupitiriza". Manotsi a mitu 44 ndi masilaidi omwe aja atavala malaya ena.

Yang'ana pepala lako, udzifunse kuti ndi ziti zikukamba chinthu chimodzi. Nambala 9, 10, 11 ndi 41 zonse ndi za selo lofiira, ngakhale 41 inabwera tsiku lachitatu. Zilembe A. Za maselo oyera B, za mapulateleti ndi kuundana C, choncho choncho. Pa phunziro la masiku atatu ine ndimayembekezera mitu inayi mpaka isanu ndi iwiri. Ikafika khumi ndi iwiri, ina ndi ana a inzake. Ukamaliza yerekeza ndi silaidi ya zolinga ija. Cholinga chomwe chilibe mutu chikutanthauza kuti pali zithunzi zosowa, kapena aphunzitsi anangolankhula osaonetsa.

Tsopano mkati mwa mutu, umasiyanitsa bwanji mfundo yaikulu ndi yothandizira? Ine ndimayesa chonchi. Mfundo yaikulu ndi chiganizo chomwe ungamuuze munthu pachokha n'kumva kanthu. Yothandizira ndi yomwe ukainena yokha munthu afunsa kuti "za chiyani?" Ukamuuza mnzako kuti "masiku 120" akuyang'ana modabwa. Ukamuuza kuti "selo lofiira silikhalitsa, thupi limapanga ena nthawi zonse" wamva, ndipo masiku 120 aja apeza powakoleka. Mutu A utha kuoneka chonchi:

Maselo ofiira
- Ntchito yawo n'kunyamula mpweya wa okosijeni. [9]
  - Chonyamulacho ndi himogulobini, yomwe ili ndi ayironi. [11]
  - Himogulobini imodzi imanyamula mamolekyu anayi a okosijeni. [11]
- Kapangidwe kawo n'kogwirizana ndi ntchitoyo. [10]
  - Akakhwima alibe nyukiliyasi, malo onse ndi a himogulobini. [10]
  - Ndi obonyoka pakati mbali zonse ziwiri, amapindika podutsa m'timitsempha ting'onoting'ono. [10]
- Sakhalitsa, thupi limapanga ena mosalekeza. [41]
  - Amakhala masiku pafupifupi 120. [41]
  - Amapangidwa m'kati mwa mafupa. [38]

Taona zinthu ziwiri. Chiganizo choti kapangidwe n'kogwirizana ndi ntchito mwina pa silaidi palibe. Pa silaidi pangolembedwa mawu awiriawiri: alibe nyukiliyasi, obonyoka pakati, amapindika. Chomangirira mawuwo chinali pakamwa pa aphunzitsi, kamera sinachijambule. Uyenera kuchilemba wekha, ndipo ukalephera kuchilemba wapeza pomwe sunamvetse. Pita ku buku pamenepo. Chachiwiri, manambala kumapetowo usawasiye. Tsiku lomwe ukayike ngati ndi 120 kapena 12, utsegula chithunzi 41 osafufuza foni yonse.

Wa chaka chachitatu:
Madala, zonsezo ndavomera, koma kutayipa masilaidi 44 pamanja chikhalirecho Lens ilipo? Nthawi palibe.

Wa zamakompyuta:
Nonse mukunena zoona pang'ono. Kukopera mawu pa chithunzi kumathandiza pa silaidi ya mizere wamba yojambulidwa molunjika. Koma dziwani zomwe kumawononga. Kulowa m'kati kwa mizere nthawi zambiri kumatayika, mfundo yaikulu ndi ana ake zonse zimatuluka zofanana msinkhu, pomwe ndicho chinthu chomwe achimwenewa akufuna. Silaidi ya mizati iwiri nthawi zina imawerengedwa chopingasa, theka la kumanzere n'kulumikizana ndi theka la kumanja, chiganizo n'kumveka bwinobwino koma chabodza. Tebulo limasweka. Mivi imasowa. Pa manambala ndiye onetsetsani: 0 ndi O, 1 ndi l zimasinthana, kadontho ka pakati pa nambala kamatha kugwa 7.4 n'kukhala 74, ndipo µ amatha kusanduka u. Nambala iliyonse muiyerekeze ndi chithunzi.

Ndiye ine ndimati konzani mitu kaye monga anenera aphunzitsiwa, kenako muzikopera chithunzi chimodzi, n'kumata pansi pa mutu wake nthawi yomweyo. Osamata zonse 44 pamalo amodzi kuti mudzasanja pambuyo, simudzadziwa mzere uti wachokera kuti.

Pa laputopu, mitu musamangoidetsa. Mu Word kapena Google Docs ipatseni `Heading 1` ndi `Heading 2`, kapena dinani `Ctrl+Alt+1` ndi `Ctrl+Alt+2`. Mu mndandanda wa timadontho, `Tab` amalowetsa mzere m'kati kukhala mwana, `Shift+Tab` amaubweza. Mu Word mukatsegula `Navigation Pane` mutha kukoka mutu ndi zonse zili pansi pake kupita nawo pena.

Wofunsa:
Zikuyenda tsopano. Mitu yatuluka isanu: zomwe zili m'magazi, maselo ofiira, maselo oyera, mapulateleti ndi kuundana, magulu a magazi. Koma ndakakamira pawiri. Silaidi 38 ya kupangidwa kwa maselo ndi chojambula cha mtengo wa nthambi, chikukhudza ofiira, oyera ndi mapulateleti omwe. Ndipo kuchepa kwa magazi ndikuike pansi pa maselo ofiira kapena ndipange mutu wa matenda?

Mphunzitsi wopuma:
Chojambulacho usachisandutse mizere, ungachiphe. Chiike kamodzi pansi pa mutu woyamba, ulembe chiganizo chimodzi chonena zomwe chikuonetsa, kuti maselo onse a m'magazi amachokera ku mtundu umodzi wa selo la m'mafupa. M'mitu inayo uzingolemba "onani 38". Chimodzimodzi tebulo loyerekeza mitundu isanu ya maselo oyera, likhale tebulo.

Kuchepa kwa magazi ine ndingakuike pansi pa maselo ofiira. Ukadziwa kuti himogulobini imafuna ayironi, matendawo amadzifotokoza okha pamzere wotsatira.

Wa unamwino:
Apo aphunzitsi mundikhululukire, ine sindikugwirizana nanu. Ife mafunso amabwera oti siyanitsani matenda awa ndi awa, zizindikiro zake, zoyezetsa zake. Matenda akamwazikana m'mitu isanu, poyerekeza umavutika. Ine ndimapanga mutu wa matenda pawokha kumapeto.

Mphunzitsi wopuma:
Mwana wanga, sukulakwa. Zikutengera amene akufunsayo. Wofunsawe, werenga masilaidi a matenda ndi angati. Ngati ndi awiri kapena atatu, alowe m'mitu yawo. Ngati aphunzitsi anatayirapo theka la tsiku, kapena matenda ali pa silaidi ya zolinga, apatse mutu.

Wofunsa:
Ndi asanu, ndipo pa zolinga sanawatchule, ndiye ndili pakatikati. Pakali pano ndawasiya pansi pa mitu yawo ndi kachizindikiro kofiira kuti ndiwaone msanga. Mawa ndikapempha mapepala a mayeso akale ndione mmene amafunsira. Mutu wa maselo ofiira watha, wakwana tsamba limodzi ndi theka. Silaidi 27 yokha ndiyo ikundisowetsa mtendere: 26 ikuthera pa maselo oyera amtundu wachitatu, 28 ikuyamba ndi wachisanu.

Wa unamwino:
Ndiye mwaidziwa kale yosowayo. Lembani mitundu inayi yomwe muli nayo, tsegulani buku pa maselo oyera, womwe palibe pa mndandanda wanu ndiye 27.