Filimu ya magawo ambiri ikakutopetsa, mumaisiya pati?

Anzanga, tandithandizeni maganizo. Kuno ku Nchalo ndinaikitsa filimu ya magawo ambiri mu memore kadi kwa anyamata oika mafilimu pamsika, yomasuliridwa m'Chichewa. Magawo oyamba ndinkachezera nawo pakhonde, poti kutentha kwa Okutobala kuno sikulola munthu kugona msanga. Koma chiululikireni chinsinsi cha mwana wina wosowa m'filimumo, nkhani ikungozungulira pamodzimodzi, ndipo theka la gawo limatha akubwereza zakale. Tsopano ndimathamangitsa chithunzi mpaka ndipeze pomwe akukangana, nthawi zina ndimadzidzimuka foni ili pachifuwa, batire latha, osakumbuka amene wamwalira.

Chondigwira n'chakuti ndinalipira kuikitsa ndi kutchajitsa komwe, ndiye mtima umati ndimalize basi. Mlamu wanga akuti, "Alamu, pirirani, kutsogoloku ikukoma." Komatu ndalama ija sibwerera ngakhale ndionere mpaka kumapeto.

Inu mumaipatsa magawo angati isanakutayeni? Ngati sindikufunanso kudziwa za gawo lotsatira, ndi chizindikiro chokwanira, kapena ndilumphe ndione gawo lomaliza lokha? Nanga alamuwo ndiwayankhe bwanji osawakhumudwitsa, poti ndi iwo anandilozera?