Kodi malita 10 a penti akwana chipinda ichi?

Moni nonse abale a kuno ku Harare. Ndikufuna kupenta makoma a m'kati mwa chipinda chimodzi ku Dzivarasekwa, koma za kuchuluka kwa penti zandisokoneza mutu.

Chipindacho ndi mamita 4 mulitali, 3 mulifupi, ndipo khoma ndi lotalika mamita 2.6. Kuzungulira ndi mamita 14, kuchulukitsa ndi 2.6 ndapeza masikweya mita 36.4. Nditachotsera chitseko ndi zenera atsala 33. Ndikufuna kupaka kawiri, ndiye kuti 66. Pachitini cha PVA alemba kuti lita imodzi imapaka masikweya mita 8, choncho masamu anga akundipatsa malita 8.25.

Kusitolo anandiuza kuti zitini ziwiri za malita 5 zikwana. Koma wopenta wanga akuumirira chigubu cha malita 20, akuti pulasitala watsopano amamwa penti. N'zoona khomalo ndi lokhakhala, ukawazapo madzi amalowa pompo, komabe 20 ine ndikuona ngati wawonjeza.

Akatswiri, nambala yapachitiniyo imatsika bwanji pakhoma lotere? Nanga ndikayamba ndapaka pulayima, malita 10 akwana kupaka kawiri? Chonde ndithandizeni ndisanagule.