Khadi yoyesera yadutsa koma chipinda chikuonekabe kuti sichinalipiridwe

Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikupangira loji ina ya ku Namiwawa webusayiti yoti alendo akunja azilipira chipinda pa khadi. Eni ake ali ndi kampani ku Mangalande, ndiye tikugwiritsa ntchito Stripe Checkout, khodi ndalemba mu Laravel 11. Ndili mu sandiboksi. Ndikaika khadi yoyesera ya 4242 4242 4242 4242 zonse zikuyenda. Koma dzulo nditangodina batani lolipira magetsi anathima, rauta nkuzima. Atayaka ndapeza pa dashibodi ndalama yalowa, pomwe mu databesi yanga chipinda chili `pending`. Kodi ndi vuto la sandiboksi, loti lidzatha tikapita layivi?

Yamikani: Makhadi oyeserawa musamawakhulupirire kwambiri achemwali. Ikani khadi yanu yeniyeni, mtengo muutsitse ufike dola imodzi, muone ngati zichitikenso.

Bambo Gondwe: Khadi yeniyeni siidutsa mu sandiboksi a Yamikani, ikanidwa pomwepo. Bola kiyi ikuyamba ndi `sk_test_`, palibe chimene chimafika kubanki, ndipo makhadi amene amalandiridwa ndi oyesera okha. Mukatembenuza nchimodzimodzi: 4242 pa kiyi ya `sk_live_` imakanidwa.

A Tadala, sandiboksi sinalakwitse, yakuonetsani chimene chidzachitikire mlendo weniweni. Ndifunse kaye: mzere umene umasintha `pending` kukhala `paid` uli pati mu khodi yanu?

Tadala: Uli pa tsamba la `success_url`, pomwe mlendo amabwerera akamaliza kulipira.

Bambo Gondwe: Mpomwepo pagona vuto. Tsamba limenelo limatseguka pokhapokha bulawuza ya mlendo itabwerera kwa inu. Foni ikathima, bandulo ikatha, kapena munthu akangotseka poti waona kuti walipira, seva yanu siimva chilichonse. Ndalama yapita, chipinda mwagulitsa kwa wina. Choipa china nchakuti ngati tsambalo silifunsa Stripe kuti malipiro achitikadi, munthu wodziwa adilesi yake atha kungoitsegula nkugona ulere.

Uthenga woti mudalire ndi wa webuhuku, umene umachoka pa seva ya Stripe kubwera pa seva yanu osadzera pa foni ya mlendo. Dzina lake ndi `checkout.session.completed`. Popanga gawo lolipirira ikani nambala ya bukingi mu `client_reference_id`, kuti uthengawo ukafika mudziwe chipinda chake, ndipo muone kuti `payment_status` ndi `paid` musanasinthe kanthu. Poti laputopu yanu sioneka pa intaneti, ikani Stripe CLI ikubweretsereni mauthengawo:

```
stripe listen --forward-to localhost:8000/stripe/webhook
```

Mphatso: Ine zimenezi ndinazithawa kalekale. Pa shopu ya ku Limbe ija tinangoika nambala ya Mpamba ndi ya Airtel Money, kasitomala amatumiza chithunzi cha meseji pa WhatsApp, basi. Makhadi ngachiyani kuno?

Tadala: Achimwene, olipirawo ali ku Jeremani ndi ku Amereka, Mpamba aitenga kuti? 

Bambo Gondwe, ndachita. Uthenga ukufika koma ukubwezedwa:

```
--> checkout.session.completed
<-- [419] POST http://localhost:8000/stripe/webhook
```

Yamikani: Iyo nde ndikuidziwa. 419 ndi Laravel, ikufuna tokeni ya CSRF, ndipo Stripe ilibe tokeni imeneyo. Mu `bootstrap/app.php`, mkati mwa `withMiddleware`, ikani:

```
$middleware->validateCsrfTokens(except: ['stripe/*']);
```

Komanso musavutike nkudzaza fomu ya khadi ulendo uliwonse. Lembani `stripe trigger checkout.session.completed`, uthenga ubwera wokha.

Bambo Gondwe: Za 419 a Yamikani alondola. Koma mukachotsa chitetezo chimenecho khomo latseguka kwa aliyense, ndiye siginecha ya pa `Stripe-Signature` muyenera kuitsimikiza ndithu, apo ayi wina adzakutumizirani uthenga wabodza woti walipira.

Za `trigger` ndivomera theka. Imathandiza kuona kuti njira yatseguka, koma malipiro amene imapanga ndi ongopeka, alibe nambala ya bukingi yanu. Khodi yanu ikafufuza mu databesi sipeza kanthu, inu muziti yawonongeka pomwe ili bwino. Pa vuto lanuli dzazani fomu ndi dzanja.

Tadala: 419 yachoka, tsopano ndi 400. Siginecha ikukanidwa. Chinsinsi ndakopera pa dashibodi, choyamba ndi `whsec_`.

Bambo Gondwe: Zinsinsi zimenezo zilipo zingapo ndipo zimangofanana poyambira. `stripe listen` ikamayamba imalemba chake pa sikirini, chimenecho ndiye cholowa mu `.env` ya pa laputopu. Cha pa dashibodi ndi cha adilesi imene munalembetsa kumeneko. Mukasintha lembani `php artisan config:clear`. Ikapitirira kukana, onani chimene mukupereka ku `constructEvent`. Chiyenera kukhala `$request->getContent()`, uthenga monga wabwerera. Mukaumasula nkuumanganso ndi `json_encode`, ngakhale kampata kamodzi kasinthe, siginecha sigwirizananso.

Tadala: Chinali chinsinsicho. 200 yabwera! Ndayesanso mozimitsa `php artisan serve` ndisanalipire, uthenga walephera kufika, chipinda chakhala `pending`. Pamenepo nditani?

Bambo Gondwe: Pa seva yeniyeni, mukakhala layivi, Stripe imabwereza kutumiza mpaka masiku 3 ngati simunayankhe bwino. Ndiye chikabwera mochedwa chidzakonzeka chokha. Koma zikutanthauzanso kuti uthenga umodzi utha kufika kawiri. Sungani nambala yake, yoyamba ndi `evt_`, ndipo mukaiona kachiwiri ingoyankhani 200 osachita kanthu, mlendo angalandire malisiti awiri.

Musanamalize, 4242 muisiye kaye, imeneyo ndi mlendo wa tsiku labwino. Yesani 4000 0000 0000 9995, yomwe imakanidwa ngati mulibe ndalama zokwanira: chipinda chikhalebe `pending`, mlendo athe kuyesa khadi ina. Kenako 4000 0025 0000 3155, imene imatsegula kazenera kotsimikizira kokhala ngati kakubanki. Ulendo woyamba vomerezani, wachiwiri kanani, wachitatu ingotsekani nkuchokapo. Deti lililonse lamtsogolo ndi manambala atatu alionse a kumbuyo zimalandiridwa.

Ulendo wachitatuwo ndi umene umapweteka maloji. Gawo lolipirira likasiyidwa limakhala lotseguka maola 24 ngati simunasinthe, ndipo ngati mumagwirira munthu chipinda nthawi yonseyo, Lachisanu mukana alendo chifukwa cha munthu amene sanalipire. Ndi `expires_at` mutha kutsitsa mpaka mphindi 30, ndipo `checkout.session.expired` ikafika mumasule chipindacho.

Yamikani: Zonsezo nzabwino, komabe ine tsiku lopita layivi ndimalipira kamodzi ndi khadi yeniyeni nkudzibwezera. Sandiboksi siingakuuzeni kuti mwaiwala kulembetsa webuhuku ya layivi, poti ili ndi `whsec_` yakeyake. Siingakuuzeninso kuti banki ya mwini khadi ikana.

Bambo Gondwe: Zimene mwatchulazo nzoona, sandiboksi sizifika. Koma malamulo a Stripe amaletsa kuyesera pa layivi ndi khadi yeniyeni, ndipo mukabweza ndalama, imene anadula pa malipirowo sibwerera. Akauntiyo ndi ya eni loji, si yanu. Ine ndimayang'ana ndi maso kuti makiyi onse asinthidwa, kenako ndimakhala tcheru pa bukingi yoyamba ya mlendo weniweni.

Yamikani: Ndiye mlendo woyambayo ndiye khadi yanu yoyesera, bambo. Ine ayi.

Tadala: Zimenezo ndikafunsa eni ake Lolemba, asankhe okha. Pakali pano 9995 yakanidwa bwinobwino, koma nditatseka kazenera ka 3155 chipinda changokhala chogwiriridwa. Ndikulemba za `expired` zija. A Mphatso, meseji ya pa chithunzi ija mumaitsimikiza bwanji kuti si yopangidwa?

Mphatso: Timayang'ana balansi pa foni ya abwana. Akakhala kuti ali kumaliro, katundu amadikira.