Asupavaiza abweza ntchito yanga chifukwa cha timitu, ndithandizeni

Misozi: Anzanga, mutu wandizungulira. Lipoti langa la kafukufuku labwezedwa, akuti mitu ndi timitu sizikuonetsa chomwe ndikunena. Ndinalipira K180 kupulinta, malaiti kuno ku Kapata amangopita, laputopu ndi ya alamu ndipo ayamba kudandaula. Chaputala 4 chili tere: 4.1 Zotsatira, 4.2 Mitengo, 4.2.1 Mavenda, 4.3 Zina. Cholakwa n'chiyani apa?

A Tembo: Ana a lero! Machaputala ndi asanu basi: chiyambi, zomwe ena analemba, njira, zotsatira, mathero. Ife tinalemba pamanja. Musasinthe kanthu, mai.

Mabvuto: Ine anandibwezera kufikira ndevu zinamera. Mupatseni nkhuku ya kumudzi.

NaZulu: Misozi mwanawe, watiuza za alamu koma sunatiuze chomwe unapeza. Nena m'chiganizo chimodzi.

A Tembo: Chimenecho n'cha m'mathero, NaZulu. Mutu si malo onenerapo maganizo!

Misozi: Pepani amai. Ndinafunsa alimi a nshawa ku Katete. Amagulitsa kwa mavenda atangokolola ngakhale akudziwa kuti mtengo udzakwera, chifukwa ndalama zimafunika pomwepo.

NaZulu: Eya, mfundo yako ndi imeneyo, koma pa timitu tako palibepo. Lemba timitu tokhatokha papepala, upatse munthu wosadziwa nkhaniyi. Akalephera kunena chomwe unapeza, timituto sitinagwire ntchito. Ine ndikanalemba tere: 4.1 Alimi amadziwa kuti mtengo umakwera pambuyo pa kukolola. 4.2 Ngongole ndi zofunika pakhomo zimawagulitsitsa msanga. 4.3 Mavenda amalipira pamanja, pakhomo pomwe. Waona? Koyamba kakuchotsa ganizo lakuti alimi ndi osadziwa, kachiwiri kakupereka chifukwa, kachitatu kakuonetsa wopindulapo. "Zina" ufafanize. Zili mmenemo zikakana kulowa mwa titatuti, si za lipoti lino. Ndipo 4.2.1 asamakhale yekha wopanda 4.2.2, chinthu sungachigawe n'kutuluka chidutswa chimodzi.

A Tembo: Timitu tataliitali chonchi ngati nyuzipepala? Ku koleji sangalole.

NaZulu: Pa machaputala akuluakulu mwalondola bambo, amenewo amaika ndi a koleji. Timitu ta m'kati ndi take. Akakana ziganizo afupikitse, "Ngongole monga chifukwa chogulitsira msanga", mfundo ikadalipo. Aonenso zolinga za m'chaputala 1, ndondomeko yake ifanane ndi ya timituti.

Chisomo: Mu Word ikani Heading 1 ndi Heading 2, kenako View, Navigation Pane. Timitu tonse tioneka kumanzere, mukakoka kamutu ndime zake zimatsatira. Musanapulintenso dinani Update Table, apo ayi tsamba la zamkatimu likhalabe ndi timitu takale.

Mabvuto: Koma mavenda musawanyoze, malume anga ndi venda. Nshawa zili bwanji ku Katete pano?

Misozi: Zolinga zanga ndi zinayi, timitu ndi titatu. Chachinayi n'cha kasungidwe ka nshawa. Ndichiike pati?

A Tembo: Mwaona? Mwamusokoneza mwana.